Kodi mumadziwa? Phindu la 36 peresenti likhoza kukhala 26

Kodi mumadziwa kuti nambala ya IRR, imene anthu amaonetsa popempha ngongole ya bizinesi, imakonda kukometsa zinthu? Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chimwemwe, mu Kitwe, wagula chigayo cha K100,000, ndipo chikumupatsa K60,000 pakutha pa chaka chilichonse kwa zaka 3. Kompyuta inena kuti IRR ndi 36 peresenti. Koma kuti chuma chake chikuledi motero zaka zonsezo, K60,000 iliyonse imene watapa iyenera kukalowa kwina kobereka 36 peresenti yomweyo, zonse n'kukwana pafupifupi K253,000. Malo otere ndi osowa.

Kodi mumadziwa kuti MIRR imakonza vutoli ndi funso limodzi: ndalama imene bizinesi ikukupatsani ikabereka zingati kumene mukaisunge? Tinene kuti mayiyu akusunga kubanki pa 10 peresenti. K60,000 yoyamba ikhala kumeneko zaka 2 n'kufika K72,600. Yachiwiri ikhala chaka chimodzi n'kufika K66,000. Yachitatu ilibe nthawi yoberekera, ikhala K60,000 basi. Zonse pamodzi ndi K198,600. Kuti K100,000 ifike pamenepo m'zaka 3, iyenera kukula ndi 25.7 peresenti pachaka, ndipo imeneyo ndiye MIRR. Chigayocho n'chopindulitsabe, koma amene akudalira 36 akuwerengera pafupifupi K54,000 imene sadzaigwira.

Kodi mumadziwa kuti Excel imawerengera yokha? Lembani -100000 mu A1, kenako 60000 mu A2, A3 ndi A4:

```
=MIRR(A1:A4,15%,10%)
```

15 ndi chiwongoladzanja cha ndalama yobwereka, 10 ndi cha ndalama yosunga. Pano 15 sasintha yankho, chifukwa ndalama inatuluka kamodzi kokha, pachiyambi.

Kodi mumadziwa kuti pa migodi nkhaniyi imakula? Mgodi ngati wa Nkana, wa kampani ya Mopani, umadya ndalama pokumba, umabweza pamene mkuwa ukugulitsidwa, kenako udzadyanso potseka ndi kukonza malo. Ndalama zikatuluka, kulowa, n'kutulukanso chonchi, IRR ikhoza kupereka mayankho awiri osiyana, onse olondola m'masamu. MIRR imabweza zotuluka zonse ku chaka choyamba, imakankhira zolowa zonse ku chaka chomaliza, ndipo yankho limakhala limodzi.

Nanga mumadziwa pamene MIRR imalephera? Imamvera nambala imene mwaipatsa. Mukalemba 20 m'malo mwa 10, chigayo chija chikwera kufika pafupifupi 30 peresenti. N'chifukwa chake ine ndimati wamalonda wa ku Masala mu Ndola akaonetsedwa MIRR, ayambe wafunsa chiwongoladzanja chimene chalembedwamo, ndi banki imene ikuperekadi chimenecho. MIRR siisiyanitsanso kukula kwa bizinesi: 26 peresenti pa K100,000 ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi 18 peresenti pa K1,000,000, ndipo kusankha pakati pa ziwirizi kumafuna NPV.