Kamwedwe ka madzi ka tsitsi ndi kasankhidwe ka mafuta odzola

Tsitsi lililonse limakutidwa ndi timamba ting'onoting'ono tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Timambati ndi timene timalola madzi ndi mafuta kulowa kapena kutuluka, ndipo kamwedwe kameneka akatswiri amakatcha porositi. Tikakhala totsekeka kwambiri, madzi amavutika kulowa, koma akalowa amachedwanso kutuluka. Tikakhala totukuka kapena tothyoka, tsitsi limanyowa msanga n'kuumanso msanga, limakhakhala, limapiringizana ndipo limaduka popesa. Zina n'zobadwa nazo, koma nthawi zambiri timamba timawonongeka ndi mankhwala owongola tsitsi, utoto, chipeso chamoto ndi dzuwa.

Anthu ambiri amayesa poponya tsitsi limodzi m'kapu yamadzi, poganiza kuti likamira ndiye kuti limamwa kwambiri. Njirayi ndi yosadalirika, chifukwa tsitsi n'lopepuka ndipo mafuta otsalira amaliyandamitsa. Njira yabwinopo ndi kuchapa tsitsi ndi shampu, kulisiya liume osadzola kanthu, kenako kuwaza timadzi pa kachigawo kamodzi. Madontho akakhala pamwamba osalowa, timamba n'totsekeka. Akazimiririka nthawi yomweyo, n'totseguka. Nthawi youmira imaperekanso umboni, ngakhale kuti tsitsi lambiri lothithikana limachedwa kuuma mulimonse.

Kuyesako kumafunika kuchitika kumizu ndi kunsonga komwe, chifukwa mutu umodzi ungakhale ndi mitundu yonse iwiri. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Choncho mayi amene anasiya kuwongola tsitsi miyezi 6 yapitayo amakhala ndi masentimita pafupifupi 6 a tsitsi latsopano, pomwe kunsonga kuli lakale lomwe linadyeka ndi mankhwala. Akadzola Vaselini mutu wonse, kumizu kumangonata ndi kugwira fumbi, kunsonga kukuumabe, popeza Vaselini sabweretsa chinyezi, amangotsekera chimene chilipo kale.

Kumizu kotereku kumafuna madzi ofunda ndi kondishona yopepuka. Kuvala kachipewa ka pulasitiki kwa mphindi 15 mpaka 20 kumathandiza kuti kondishonayo igwire ntchito, ndipo mafuta odzola pambuyo pake amayenera kukhala ochepa ndi opepuka. Kunsonga kumafuna zosiyana: kondishona yosatsuka imayamba tsitsi likadali lonyowa, kenako pamwamba pake mafuta olemera monga a nsatsi kuti chinyezi chisathawe. Mafuta a kokonati odzola tsitsi lisanachapidwe amachepetsa kutayika kwa puloteni. Kondishona za puloteni zimathandizanso tsitsi lowonongeka, koma zikachuluka limauma gwa ndi kuyamba kuthyoka, chizindikiro choti ziyambe zasiyidwa.

Timamba tothyoka sitimeranso, chifukwa tsitsi lomwe latuluka kale pakhungu silingadzikonze lokha. Mafuta amangoliteteza kuti lisapitirire kuwonongeka, ndipo nsonga zong'ambika zimafunika kudulidwa.