Alimi angati? Manambala pa sivi ya mlangizi wa zaulimi

Bungwe likalengeza kuti likufuna mlangizi wa zaulimi, makalata amene amabwera amafanana kwambiri. Pafupifupi aliyense ali ndi dipuloma kapena digiri ya ku LUANAR, aliyense amadziwa kukwera njinga yamoto, ndipo aliyense walemba kuti "ndinkaphunzitsa alimi njira zamakono". Wosankha anthu alibe pogwira. Chimene chimasiyanitsa sivi imodzi ndi inzake ndi manambala: alimi angati, mbewu iti, chaka chiti. Koma manambalawo ali ndi kawerengedwe kake, ndipo alangizi ambiri akhama amadzipweteka pomwepa.

Tiyerekeze mlangizi wina wa ku Mchinji amene m'nyengo ya 2022/23 ankayendera makalabu asanu ndi limodzi a alimi a mtedza, kalabu iliyonse ya anthu 25. Anakumana nawo kanayi: posankha mbewu, pobzala, pa nkhani ya matenda, ndi pokolola. Akaphatikiza mapepala onse amene alimi anasainapo, apeza mayina 600. Akalemba kuti anaphunzitsa alimi 600, wanama ngakhale sanafune kutero, chifukwa mayi yemweyo wawerengedwa kanayi. Alimi ake ndi 150. Wofunsa mafunso amene anagwirapo ntchito kumudzi amaligwira bodzali msanga: amangofunsa kuti makalabu anali angati, n'kuchulukitsa yekha m'mutu.

Nambala yoona ikhoza kuoneka yaing'ono, koma imalemera ikafotokozedwa. Mzere wa pa sivi ungamveke motere: "2022/23, Mchinji: ndinaphunzitsa alimi 150 (amayi 90, abambo 60) a m'makalabu 6 kubzala mtedza wa CG9 mizere iwiri pamzere umodzi, ndi kuumitsa bwino popewa chuku." Kulekanitsa amayi ndi abambo n'kofunika chifukwa mabungwe ambiri amapereka malipoti awo motero, ndiye amaona kuti munthuyu kalembera amamudziwa.

Palinso alimi amene mlangizi sanawaphunzitse yekha. Masiku ano uphungu wambiri umadutsa mwa alimi otsogola. Ngati mlangizi wathuyu anasula alimi otsogola 12, ndipo aliyense ankatsatira anzake 20, ndiye kuti uthenga unafika kwa ena 240. Amenewa alembedwe pamzere wawo, momveka kuti anafikiridwa kudzera mwa alimi otsogola. Kuwasakaniza ndi 150 aja ndi kudzitengera thukuta la ena. Chimodzimodzi khamu la pa tsiku la chionetsero pamunda wachitsanzo: amenewo anabwera kudzaona, sanaphunzitsidwe nyengo yonse.

Nambala imene ine ndimailemekeza kuposa zonse ndi ya amene anachitadi zimene anaphunzira. Kukhala pansi pa mtengo n'kumvetsera n'kosavuta. Kusintha kabzalidwe m'munda mwako ndi nkhani ina. Ngati mu Januwale mlangizi anayendera minda n'kupeza kuti alimi 95 mwa 150 abzala mizere iwiri, alembe zomwezo, osachita manyazi ndi 55 otsalawo. Amene walemba kuti alimi onse anatsatira amakayikitsa, pakuti aliyense wodziwa ulimi akudziwa kuti ena mbewu imawaperewera, ena amadikira kaye aone kwa mnzawo.

Pa zokolola m'pofunika kusamala. Kulemba kuti zokolola zinakwera kumafuna kuti munthu anayezadi munda ndi kuika mbewu pasikelo, n'kunenanso ngati ndi mtedza wamakoko kapena wosenda. Komanso mvula ndi feteleza zili ndi gawo lake. Ngati sanayeze, ndi bwino kusiya pa nambala ya otsatira.

Tsono mapologalamu. Kungondandalika mayina ngati AIP, ulimi wa mleranthaka, ulimi wamthirira, sikuuza munthu kanthu, chifukwa pafupifupi mlangizi aliyense wa boma anakhudzidwapo ndi AIP imene inayamba mu 2020. Chofunika ndi gawo limene iye anagwira: kodi ankatsimikizira mayina a opindula m'midzi ingati? Anakhazikitsa minda yachitsanzo ingati ya chimanga chobzala mwa Sasakawa, mbewu imodzi paphando, masentimita 25 pakati pa mapando? Anagawa mbewu ya mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere kapena Chipika, kwa mabanja angati? Mapologalamu awiri kapena atatu ofotokozedwa chonchi ndi okwanira, ndipo pamwamba pakhale amene akugwirizana ndi ntchito yolengezedwayo. Bungwe la soya lione soya poyamba.

Manambala onsewa gwero lake ndi kaundula wa makalabu ndi malipoti a pamwezi amene mlangizi amapereka kwa mkulu wake wa dera la zaulimi. Asanasamutsidwe, akopere m'kope lake ziwerengero za nyengo iliyonse, osati mayina a alimi. Ndipo mkulu amene wamulemba ngati mboni aone sivi isanatumizidwe, kuti akaimbiridwa foni atchule nambala yomweyo.