Chingerezi Chokoma M'khutu Chimasokoneza Makina Omasulira

Kalata zambiri zomwe zimachoka m'maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe masiku ano siziwerengedwa ndi Mngelezi. Imelo yoitanitsa zipangizo za chigayo imakafikira wogulitsa wa ku Guangzhou amene amaiponya m'makina omasulira kuti aimve m'Chitchaina. Ina imafikira kalaliki wa padoko la Beira amene kusukulu anaphunzira m'Chipwitikizi. Koma ife tinazolowera kuti Chingerezi chapamwamba ndi chokuluwika, cha ziganizo zazitali ngati msewu wa ku Karonga. Chingerezi chotero n'chimene chimachedwetsa katundu.

Taonani uthenga uwu, wofanana ndi ambiri amene amalembedwa tsiku ndi tsiku:

```
Kindly revert by COB 03/04 as we can't put it off.
Once they clear it, send it to them.
```

Mnzanu wa mu ofesi momwemo aumva. Wa ku China akumana ndi misampha ingapo. Mawu akuti `revert` ife timawagwiritsa ntchito potanthauza kuyankha, koma m'madikishonale ambiri tanthauzo lake loyamba ndi kubwerera mwakale, ndipo makina angasankhe limenelo. Chidule cha `COB`, chotanthauza nthawi yowerukira, makina akhoza kungochisiya momwemo osachimasulira. Ngakhale atachimasulira, ndi kuweruka kwa kuti? China ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6. Ife tikamaweruka 5 koloko madzulo, kumeneko ndi 11 koloko usiku. Deti nalo ndi lachinyengo. Kuno 03/04 ndi pa 3 Epulo, pamene ku China, komwe mwezi umalembedwa tsiku lisanalembedwe, aliwerenga kuti pa 4 Malichi.

Chiganizo chachiwiri n'choopsa koposa, chifukwa chadzaza timawu toloza zinthu zosatchulidwa. Kodi `it` ndi invoisi, ndalama kapena katundu? Nanga `they` ndi a banki kapena a kasitomu? Munthu akasokonezeka amafunsa. Makina safunsa. Amangosankha tanthauzo limodzi n'kulilemba mosalala bwino, moti wowerengayo sadziwa n'komwe kuti panali chokayikitsa.

Uthenga womwewo ukhoza kulembedwa chonchi:

```
Please send us the invoice before 10:00 (Malawi time) on 3 April 2025.
Our bank needs the invoice to make the payment.
After you receive the payment, send the parts to our agent in Beira.
```

Watalikirapo, ndipo mawu akuti `invoice` ndi `payment` abwerezedwa. Kusukulu ankatiletsa kubwereza mawu, koma pano kubwerezako ndiye mankhwala. Mukachitcha chinthu dzina lina m'chiganizo choyamba n'kuchisinthira dzina m'chachiwiri, wowerenga aganiza kuti ndi zinthu ziwiri. Onaninso kuti chiganizo chilichonse chikunena ntchito imodzi ndi woichita, ndipo zalembedwa motsatana monga momwe zichitikire.

Njirayi si yachilendo. Makampani opanga ndege ku Ulaya anaona kuti amakaniko ambiri okonza ndege padziko lapansi Chingerezi si chiyankhulo chawo, ndipo m'chaka cha 1986 anatulutsa malamulo a kalembedwe amene lero amadziwika kuti ASD-STE100. Malamulowa amati chiganizo cholangiza ntchito chisapitirire mawu 20, ndipo liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi. Ndimaona kuti muyeso wa mawu 20 ndi woyenera ngakhale pa imelo wamba. Ukadutsa pamenepo, kawirikawiri umapeza kuti wamanga mfundo ziwiri pamodzi.

Kufupikitsa nakonso kuli ndi malire ake. Ena pofuna kupepukitsa amadula timawu monga `the`, `that` ndi `of`, n'kulemba ngati telegalamu. Timawuti ndi timene timasonyeza makina kuti dzina ndi liti, mneni ndi uti; mukatichotsa mwawonjezera chisokonezo. Manambala nawo asamaleni polembera a ku Mozambique. M'Chipwitikizi, kachizindikiro ka mpatuliro ndi kamene kamalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, choncho 1,500 akhoza kuiwerenga ngati imodzi ndi theka. Lembani 1500, ndipo tchulani ngati ndi makilogalamu, matumba kapena madola.

Musanatumize kalata yofunika, iikeni mu Google Translate, muimasulire m'chiyankhulo cha wolandirayo, kenako muibweze m'Chingerezi. Ikabwera itasintha tanthauzo, pezani chiganizo cholakwikacho muchilembenso. Ikabwera bwino musadalire kwathunthu, pakuti makina amatha kulakwitsa popita n'kubisa cholakwacho pobwerera. N'chifukwa chake pa nkhani ya ndalama, mankhwala kapena mgwirizano, pemphani wolandirayo akulembereni m'mawu akeake zimene wamva kuti achite, deti lake ndi kuchuluka kwake. Pangano lokasainidwa lisadutse m'makina okha. Lipatseni munthu wodziwa bwino ziyankhulo zonse ziwiri aliwerenge.