Mphere m'nyumba: odzola akhale onse, tsiku limodzi

Nthawi zambiri amayamba ndi mwana mmodzi. Wabwera ku holide kuchokera ku sukulu yogonera komweko, ndipo usiku, anzake akuliza mkonono, iye ali kwekwerekwe kudzikanda. Masana amasewera bwinobwino, choncho makolo amangoti ndi nsikidzi kapena sopo wamuwenga. Pakatha mwezi, mng'ono wake amene amafunda naye bulangete limodzi wayambanso. Kenako amayi, kenako khanda la kumsana. Kuyabwa kumene kumakula usiku n'kumayenda munthu ndi munthu m'nyumba imodzi, azachipatala amayamba kukayikira mphere asanaganize za china chilichonse.

Mphere zimabwera ndi kachilombo kamiyendo isanu ndi itatu, kofanana ndi nthata, kosakwana theka la milimita, moti kukaona ndi maso n'kovuta. Kakakazi kamaboola khungu la pamwamba n'kukumba kanjira, ndipo mmenemo kamaikira mazira awiri kapena atatu pa tsiku. Mazirawo amaswa pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo m'masabata awiri tianato takula, tayamba kuswana. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene thupi lonse likumuyabwa amakhala ndi tizilombo tochepa, kawirikawiri 10 kapena 15 basi. Kuyabwako si kulumidwa ayi. Ndi thupi limene likuwengedwa ndi kachilomboko, mazira ake ndi ndowe zake. N'chifukwa chake munthu amayabwa ngakhale malo amene mulibe kachilombo.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Munthu akatenga mphere koyamba, thupi limatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi lisanayambe kuyabwa. Nthawi yonseyi iye ali ndi tizilombo, ndipo akhoza kupatsira ena, koma akudziona ngati wabwinobwino. Amene anadwalapo kale ndiye amayamba kuyabwa msanga, m'masiku anayi kapena kuchepera. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku limene mayi akunyamula mwana woyabwa kupita naye kuchipatala, kunyumba kwatsala anthu ena amene ali ndi mphere koma sakudziwa.

Kuti mudziwe ngati zilidi mphere, yang'anani malo amene nsungu zatuluka. Tambasulani zala za mwana pa dzuwa, muone pakati pa zalazo. Onani kunsi kwa dzanja pamene pamakhala wotchi, m'zigongono, m'khwapa, mozungulira mchombo, m'chiuno modutsa lamba ndi m'matako. Kwa amayi zimakondanso mozungulira nsonga za mawere, ndipo kwa abambo timatuluka tizotupa tolimba toyabwa kumaliseche, chizindikiro chimene sichinama kawirikawiri. Akuluakulu nkhope ndi mutu sizigwidwa kawirikawiri, koma makanda zimawagwira m'zikhatho, kumapazi, kumaso ndi m'mutu momwe. Mwina mungaone kamzere kakang'ono kokhotakhota, kanjira ka kachilombo kaja, ngakhale pa khungu lakuda lokandidwakandidwa kamabisala.

Nsikidzi n'zosiyana. Zimaluma malo amene ali pamtunda, monga mikono, khosi ndi miyendo, zimasiya timadontho ta magazi pa zofunda, ndipo mukagona kwina kulumako kumaleka. Chipere chimapanga bwalo lokhala ndi m'mphepete. Chiwengo sichidumphira kwa mnzako. Galu wa mphere nayenso tisamunamizire kwambiri: tizilombo take tikhoza kuyabwitsa munthu masiku ochepa, koma sitiswana pa khungu la munthu.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi: bambo, mayi woyamwitsa, mnyamata wa fomu 2 amene wabwera nazo, mng'ono wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, khanda la miyezi isanu ndi itatu, ndi agogo amene amalera khandalo mayi akapita ku msika. Oyabwa ndi atatu. Zimene zimachitika m'makomo ambiri n'zakuti mayi amatenga mwana amene zamuipira, n'kubwerako ndi kabotolo kamodzi. Mwanayo adzola, apeza bwino, koma usiku akubwerera pa mphasa yomweyo ndi mkulu wake. Bambo akuti, ine sindikuyabwa, ndidzolerenji. Pakatha masabata atatu mwana wayambiranso, ndipo mlandu ukugwera mankhwala kuti ndi osagwira. Mankhwalawo anagwira ntchito yake. Amene anabweza mphere ndi anthu asanu amene sanadzole.

Choyenera n'kuuza dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo chiwerengero cha anthu onse a m'nyumba, zaka zawo, ndiponso ngati pali woyembekezera kapena woyamwitsa, chifukwa mankhwala ake si ofanana. M'zipatala zathu odziwika kwambiri ndi amadzimadzi oyera aja otchedwa benzili benzoweti, amene ambiri amangoti BB. Amabwera a mphamvu ya 25 peresenti, ndipo amenewa ndi a bambo, agogo ndi mnyamata wamkuluyo. Kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amawasungunula, muyezo umodzi wa mankhwala ndi umodzi wa madzi, chifukwa amawotcha khungu. Kwa khanda amathira madzi ochuluka kuposa pamenepo kapena amapereka mankhwala ena monga mafuta a salufa, ndipo izi asankhe ndi achipatala, osati oyandikana nawo nyumba. Palinso kirimu wa pemetirini wa 5 peresenti, amene sawotcha kwenikweni, amaloledwa kwa oyembekezera ndi makanda opitirira miyezi iwiri, koma ndi wokwererapo mtengo. Munthu wamkulu amafunika magalamu 30 kapena kuposerapo kuti adzole kamodzi kokha, choncho kachubu kamodzi sikangakwanire banja.

Kadzoledwe kake n'komwe kamalakwika kwambiri. Anthu amapaka pamene pali nsungu pokha ngati akupaka pa bala. Mankhwala a mphere amadzola thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka ku zala za kumapazi, madzulo, khungu litauma ndi kuzizira pambuyo posamba. Asatsale malo: kuseri kwa makutu, m'khwapa, mumchombo, pakati pa matako, kumaliseche chakunja, pakati pa zala ndi pansi pa zikhadabo, zimene ziyenera kuwengedwa kaye. Kumsana pamafunika wina akudzoleni. Makanda ndi okalamba amawadzolanso m'mutu ndi kumaso, kupewa maso ndi pakamwa. Pemetirini amakhala pa thupi maola 8 mpaka 14, pamene BB kwa akuluakulu amakhala maola 24, ndipo amene wasamba m'manja nthawiyo isanakwane adzolenso manjawo. Mayi woyamwitsa atsuke bere asanayamwitse, n'kudzolanso akamaliza. BB pa zilonda zokanda amanyerenyetsa koopsa, moti ana amalira. Ngati zilonda zili ndi mafinya, achipatala amayamba achiza zilondazo.

Kenako pali ulendo wachiwiri, umene ambiri amauiwala chifukwa kuyabwa kwachepa. Mazira ena amapulumuka ulendo woyamba. Kubwereza pakatha masiku asanu ndi awiri kumapha tiana timene taswa tisanayambe kuikira mazira athu. Banja likadzola Loweruka, Loweruka linalo lidzolenso, onse asanu ndi mmodzi.

Mapiritsi aliponso, aivamekitini, amene anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza amawadziwa ndi dzina lakuti Mekitizani chifukwa akhala akugawidwa m'midzi polimbana ndi matenda a njoka za m'khungu zimene zimachititsa khungu la maso. Mlingo wake umatsata sikelo: bambo wa makilogalamu 60 amamwa mamiligalamu 12, kutanthauza mapiritsi anayi a mamiligalamu atatu, n'kubwereza pakatha sabata imodzi kapena awiri popeza sapha mazira. Sapatsidwa kwa woyembekezera kapena mwana wosakwana makilogalamu 15, choncho khanda la m'banja lathu lija likhalabe la zodzola. Mphamvu ya mapiritsiwa inaoneka ku zilumba za Fiji, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015: kumene anthu onse a m'dera anapatsidwa aivamekitini, odwala mphere anatsika kuchoka pa 32 mwa anthu 100 alionse kufika pa awiri patatha chaka. Kumene ankachiza odwala ndi abale awo okha, mphere zinatsika ndi theka chabe. N'chifukwa chake ku hositelo, kundende kapena kumsasa wa anthu othawa madzi osefukira, kuchiza mmodzimmodzi n'kutunga madzi ndi dengu.

Za zovala, musadzivutitse kupitirira muyeso. Kachilomboka kakachoka pa munthu kamafa m'masiku awiri kapena atatu. M'mawa wotsatira usiku wodzola, chapani zovala, zitenje, mbereko, matawulo ndi zofunda zimene mwagwiritsa ntchito masiku atatu apitawa m'madzi otentha kwambiri, ziyanikeni padzuwa, zothekazo muzisite. Bulangete lolemera kapena jekete, ikani m'jumbo kapena m'thumba lapulasitiki, mangani, lisiyeni sabata yathunthu. Kuwotcha mphasa, kutaya matiresi kapena kupopera nyumba mankhwala n'kungowononga ndalama. Tinenenso poyera kuti mphere si chilango cha uve. Sopo sachotsa kachilombo kamene kali m'kati mwa khungu, ndipo zimafala chifukwa chokhudzana khungu nthawi yaitali, makamaka pogona mothithikana. Manyazi amenewa ndiwo amachititsa anthu kubisa mwana m'malaya a mikono yaitali mpaka zilonda zitatukusira.

Mankhwala akagwira, kuyabwa sikutha tsiku lomwelo. Kukhoza kupitirira masabata awiri mpaka anayi pamene khungu likutaya zotsalira za tizilombo takufa. Amene sadziwa izi amadzola BB tsiku ndi tsiku mpaka khungu kupsa, n'kumayesa mphere zakula. Chosonyeza kuti mankhwala alephera ndi nsungu zatsopano, kapena kuyabwa kosatha mwezi utadutsa. Chenjeraninso ndi timachubu ta pamsika tokhala ndi betametazoni, timene ena amayeretsera khungu: timaziziritsa kuyabwa koma tizilombo timaswana mwakachetechete. Mankhwala a mbewu, dibi wa ng'ombe ndi oyilo wa galimoto ndi poizoni, ndipo khungu la mwana limayamwa msanga.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo limati nthawi ina iliyonse anthu osachepera 200 miliyoni ali nazo. Chimene chimadetsa nkhawa si kuyabwa kokha. Zilonda zokanda zimalowetsa mabakiteriya, ndipo ena mwa iwo amakavulaza impso patapita masabata angapo. Mwana amene anali ndi zilonda za mafinya akayamba kutupa kumaso m'mawa, kutupa mapazi, kukodza pang'ono kapena mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi amene watentha thupi kapena khungu lake latupa n'kumapweteka.

Palinso mphere za makoko, zimene zimagwira anthu ofooka chitetezo cha m'thupi, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, ndi okalamba. Khungu limakhuthala n'kumasweka m'manja, m'zigongono ndi kumapazi, ndipo mwina siliyabwa kwambiri, koma mumakhala tizilombo miyandamiyanda. Ngati banja ladzola molondola kawiri koma mphere zikungobwerera, yang'anani ngati m'nyumbamo kapena mwa amene mumawasamalira mulibe munthu wotere. Iyeyu amafunika mapiritsi ndi zodzola pamodzi, kangapo, moyang'aniridwa ndi achipatala.

Ndipo mnyamata wa fomu 2 uja akamabwerera ku sukulu, makolo auze aphunzitsi oyang'anira ogonera kuti anali ndi mphere. Akapanda kutero, akagona m'chipinda chomwecho ndi anzake amene sanachizidwe, ndipo holide ikubwerayo adzabwera nazonso.