Kuluka ukonde pa nkhope ya katuni

Mutu wowumbidwa pa kompyuta umatha kukongola mpaka makwinya onse kumaoneka, koma tsiku loti umwetulire zinthu zimavuta. Mmisiri wowumba mu ZBrush kapena Blender amakanda chithunzicho ngati dongo, ndipo khungu lake limakhala la tizidutswa mamiliyoni tosatsata dongosolo lililonse. Kompyuta imalemedwa nato, ndipo kamwa ikatseguka khungu limangopindika paliponse. Mankhwala ake ndi ritopoloje, kutanthauza kuluka ukonde watsopano pamwamba pa mutuwo, wopepuka, wa timabokosi ta makona anayi masauzande ochepa chabe.

Mu Blender, mmisiri amaika Shrinkwrap kuti ukonde uzimatirira pa chowumbacho, ndi Mirror kuti akamaluka mbali imodzi, inayo izilukika yokha. Sayambira paliponse ayi. Amayamba ndi maso ndi pakamwa, chifukwa minofu yotseka diso ndi yosongola milomo ndi yozungulira ngati mphete. Ukondenso uyenera kuzungulira chomwecho, mphete zitatu kapena zinayi, ina kunja kwa inzake, kuti khungu lizipindika motsata mizere yake.

Titenge pakamwa. Ngati mlomo wapamwamba uli ndi timabokosi 10, wapansi ukhalenso ndi 10, mfundo iliyonse iyang'anizane ndi inzake. Mukaika 12 pamwamba ndi 8 pansi, pofumbata milomo mfundozo zimaphonyana ndipo pamatsala timipata. M'mphepete mwa kamwa, momwe milomo imakumana, mizere ithithikane, pakuti ndi momwe mumakokeka kwambiri munthu akamaseka kapena kuyasamula. Zikope nazo zimafuna chilungamo chomwechi. Pamphumi ndi kunkhongo timabokosi tikhoza kukula, sikuchitika zambiri kumeneko.

Pomwe mphete za diso zikumana ndi za pakamwa pamabadwa mfundo ya mizere isanu m'malo mwa inayi. Siipeweka, koma ikakhala pachikope kapena pamlomo imatsina khungu, nkusiya kachiphuphu kooneka kuwala kukawombapo. Malo ake ndi pa fupa la tsaya, posagwedezeka kwenikweni.

Ukonde wabwino umadziwika poyesa. Ikani Subdivision Surface, yomwe imagawa kabokosi kalikonse panayi: pomwe pabisala ka makona atatu nthawi zambiri pamaoneka kakhwinya. Kenako dinani Ctrl+R pafupi ndi diso. Mzere ukazungulira nkudzakumana pomwe unayambira, zili bwino. Ukamangopota mpaka kukafika kukhutu, ndiye kuti mphete sinatsekeke, ndipo masulani mulukenso. Vuto limeneli limapezeka kawirikawiri m'maukonde omwe zida ngati ZRemesher zaluka zokha. N'chifukwa chake ine, pa nkhope yoti idzalankhule, ndimati kuluka pamanja sikungalowedwe m'malo, ngakhale kumadya nthawi.

Makwinya aja satayika. Amajambulidwa kuchokera pa mutu wolemera uja nkumatidwa pa ukonde wopepukawu ngati chithunzi chonyenga kuwala, ndipo woonera filimu amawaona onse.