Malata a K600,000: Mudzawagula Mwezi Uti?

Dzinja lapitali denga la udzu la achemwali anga linkadontha mwakuti usiku ankachita kutchera mabeseni pabalaza. Mvula italekeza anapita kusitolo ya zipangizo zomangira kukafunsa mtengo wa malata, misomali ndi mipanda, ndipo zonse pamodzi zinakwana K600,000. M'thumba anali ndi K90,000 ya mtedza umene anagulitsa, ndipo anati pa geni yawo ya mandasi angathe kupatula K40,000 pakutha pa mwezi uliwonse. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye malatawa ndidzagula liti?"

Tinakhala pakhonde ndi kope la mwana wa sukulu. Poyamba tinachotsera ndalama imene anali nayo kale, chifukwa imeneyo safunikanso kuisaka: K600,000 kuchotsapo K90,000, kutsala K510,000. Ameneyu ndiye mpata wofunika kutseka. Kenako tinagawa mpatawo ndi ndalama ya pamwezi. K40,000 imalowa mu K510,000 maulendo 12, n'kutsala K30,000.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Achemwali anasekerera n'kunena kuti basi ndi chaka chimodzi. Koma ikatha miyezi 12 adzakhala ndi K570,000 yokha, ndipo mwini sitolo sadzawapatsa malata poona kuti atsala pang'ono. Pakagawidwe kotere chotsala chilichonse, ngakhale chikhale K500, chimafuna mwezi wake wathunthu. Yankho ndi miyezi 13.

Kuwerenga miyezi pakalendala nakonso kumasokoneza. Ngati K40,000 yoyamba aisunga kumapeto kwa Epulo, ndiye kuti Epuloyo ndi mwezi woyamba, Malichi wa chaka chamawa ndi wa 12, ndipo adzakwanitsa kumapeto kwa Epulo winayo. Titawerenga ndi zala, nkhope yawo inagwa, pozindikira kuti dzinja lina lathunthu lidzawapeza akadali pansi pa udzu. Kuti afolere mvula isanagwe, pofika kumapeto kwa Okutobala, anali ndi miyezi 7 yokha, kutanthauza pafupifupi K73,000 pamwezi. Mandasi sangatulutse imeneyo.

Anafunsanso za chiwongoladzanja, poti amva kuti ndalama ikakhala kubanki imabereka. Imaberekadi, koma pa nthawi yaifupi chonchi si yodalira. Tiyerekeze kuti banki ikupereka K6 pa K100 iliyonse pachaka. Pa miyezi 12 phindu lonse lingafike cha m'ma K19,000, zonse pamodzi K589,000, ndipo mwezi wa 13 uja ukadalipobe. Chimene chingasinthe yankho msanga ndi ndalama zimene amadula. Akaunti ikamadulidwa K1,500 pamwezi, yolowa yeniyeni ndi K38,500, ndipo pa miyezi 13 mumaperewera K9,500, ndiye kuti miyezi yafika 14. Choncho pogawa gwiritsani ntchito ndalama imene ikutsaladi mu akauntimo, osati imene mwapereka pakauntala.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti masamu onsewa akuyesa kuti mtengo wa malata udzakhala phee kudikira achemwali. Sudikira ayi. Tonse tikukumbukira Novembala wa 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu m'masitolo n'kukwera masiku omwewo. Ngakhale popanda zadzidzidzi zotere, mitengo imakwawa mwezi ndi mwezi.

Kuwerengera kwake sikovuta. Tinene kuti katundu wawo akukwera ndi K10,000 mwezi uliwonse. Iwo akaponya K40,000, mtengo umathawa ndi K10,000, motero mpata umachepa ndi K30,000 yokha. Gawani K510,000 ndi K30,000, mupeza miyezi 17. Yesani kutsimikiza: pa miyezi 17 adzakhala ndi K770,000, ndipo mtengo nawo udzakhala wafika K770,000 ndendende. Miyezi inayi yowonjezera yapita pongothamangitsa mtengo. Ndipo mtengo ukamakwera ndi K40,000 pamwezi kapena kuposa, palibe mwezi umene adzaupeze, ngakhale asunge mokhulupirika chotani. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: pakatha miyezi itatu iliyonse kafunseninso mtengo, muchotsepo zimene mwasunga. Mpata ukapanda kuchepa, njira imeneyo siikukufikitsani.

N'chifukwa chake sindiwaseka anthu amene amagula malata awiriawiri n'kumawasanja kuseri kwa chitseko. Lata limene mwagula lero mtengo wake watsekeka, silidzakukwereraninso. Achemwali anasankha zomwezo. K90,000 ija anagulira malata sabata yomweyo, ndipo pakutha pa mwezi uliwonse amawonjezerapo ena, osasintha geji ndi utali wake kuti adzagwirizane padenga. M'kope muja tsopano salembamo makwacha, amalemba malata amene atsala.