Thabwa la mababu asanu

Chimene chinandikoka m'kashedi ka mkulu wina wokonza magetsi a galimoto ku Ndirande ndi thabwa lakuda ndi oyilo, lokhomedwapo mababu asanu a nyali zakutsogolo. Pambali pake pamalendewera wotchi yakale yapamkono yopanda lamba. Masipanala, asidi ndi tchaja yong'ung'udza zilipo monga mwa onse a ntchitoyi, koma thabwa limenelo amaliteteza ngati mwana.

"Aliyense wobwera pano amaloza nambala yayikulu ija," anatero akupukuta batire. "Akaona CCA 650 basi, mtima pansi. Nanga inu bambo, munaonapo liti kuno madzi ataundana m'ndowa?"

Funsolo lili ndi pogwira. CCA amaiyeza batire itazizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro. Ndi mlingo wa maampu amene batire ya mavoti 12 ingatulutse kwa masekondi 30 isanatsike pansi pa mavoti 7.2. Muyesowo anaukonzera maiko a chisanu choopsa, kumene oyilo amalimba ngati phala ndipo batire imafooka. Ngakhale m'mawa wa Juni ku Dedza suyandikirako. Injini yaing'ono ya petulo kuno imalira ndi mphamvu yochepa ndithu poyerekeza ndi imene yalembedwa pachikombolepo.

Nambala imene mkuluyu amaikonda ndi RC, yolembedwa mwa timalemba tating'ono, ndipo pa mabatire ena palibe n'komwe. Imeneyi ndi mphindi. Batire yodzaza amaikoka maampu 25 mosalekeza pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 27, n'kuwerenga nthawi mpaka itafika pa mavoti 10.5. Apa m'pamene thabwa lija likulowera. Babu la mawati 55 limadya maampu anayi ndi theka, motero asanu pamodzi amayandikira 25. Amatchaja batire usiku wonse, m'mawa n'kuyatsa mababuwo, diso pa mita ndi pa wotchi.

Anandiikira mabatire awiri ofanana kukula. Yoyamba inali CCA 650, RC 90. Yachiwiri CCA 550, RC 120. "Tiyerekeze otaneta yakuferani usiku pa Zalewa, mvula ikugwa. Nyali, mawaipa ndi pampu ya mafuta zonse zikuyamwa batire yokha, mwina maampu 25 omwewo. Iyi ikuyendetsani ola ndi theka, iyi maola awiri. Theka la ola limenelo mukuyenda pa 60 ndi makilomita 30." Kusiyanako kumachokera mkati. Mapuleti ambiri opyapyala amatulutsa mphamvu yochuluka nthawi imodzi, pamene ochindikala amapirira kukokedwa pang'onopang'ono. Batire ikakula nambala zonse ziwiri zimakwera limodzi, choncho mkanganowu ngwa mabatire a bokosi limodzi.

Si onse amavomereza. Makaniko wa magalimoto a dizilo, woyandikana naye, anadula nkhani: "Achimwene, Hiace ya dizilo musaipusitse. Imayamba yawotcha mapulagi, kenako sitata ikankhe injini yothina. CCA ikachepa mumva kuti tche-tche-tche, kondakitala atsike akankhe." Akunena zoona, ndipo mkulu uja sanatsutse. Lamulo lake n'lakuti CCA isatsike pa imene wopanga galimoto analamula, koma ikakwana, ndalama yotsala ipite ku mphindi.

Mayi wina wogulitsa mabatire m'sitolo yapafupi anandichenjeza za chinyengo china cha pachikombole. Ena amalemba CA kapena MCA, yomwe amayezera pa ziro digiri, ndiye nambala imatuluka yayikulu kuposa CCA ya batire yomweyo. "Anthu sawerenga zilembo, amangofunsa kuti N70 ndi zingati."

Chimene chimamuwawa mkulu wa thabwayu ndi anyamata a masiku ano a timamita ta m'manja. Amagunditsa mawaya, mita yawerenga 12.6, basi "batire ili bho, bwana." Nambala imeneyo imangonena kuti batire yadzaza, sinena kuti yadzaza zochuluka bwanji. Batire yokalamba, makamaka yophikidwa ndi kutentha kwa ku Chikwawa kapena yokhalitsa osatchajidwa, imatha kuliza injini bwinobwino masana koma mphindi zake zitatha kale. Mwini wake amadzadziwa tsiku limene wasiya wailesi ikulira pamaliro.

Vuto la thabwalo n'lakuti silibweretsa ndalama. Muyeso umodzi umadya tsiku, ndiponso kutsitsa batire yolizira injini mpaka 10.5 kumaifooketsa, moti imafunika kubwerera pa tchaja nthawi yomweyo, magetsi akakhalapo. Makasitomala ambiri sadikira. Tsiku limene ndinamuyendera anayeza batire ya dalaivala wa takisi, yolembedwa RC 100. Mababu anayamba kufiira wotchi ili pa mphindi 34. Dalaivalayo anafunsa mtengo wa yatsopano, anapukusa mutu, n'kupempha kuti amubwezeretsere yomweyo.